Dongosolo Latsopano la Masewera Anu Mutajomba Masabata Awiri

Okondedwa Bambo,

Ndalandira uthenga wanu wa dzulo madzulo, ndipo ndakondwera kumva kuti kutentha kwa thupi kunatha masiku asanu apitawo komanso kuti mwayambanso kudya ndi kugona bwino. Mwapepesa kawiri mu uthenga umodzi, koma palibe chimene mwalakwa. Sabata yoyamba munali chigonere ndi chimfine chachikulu, yachiwiri munali kuchira kwinaku mukulimbana ndi ntchito imene inaunjikana pamene munkadwala, ndipo mukanabwera ku jimu thupi likutentha ndikanakubwezani pakhomo pomwepo, chifukwa kuchita masewera olemetsa munthu akutentha thupi kumapanikiza mtima ndiponso kumachedwetsa kuchira.

Mwapempha kuti tiyambire pamene tinalekeza, ndiponso kuti tionjezere tsiku limodzi pa masiku anu atatu a pa sabata kuti mubweze masiku asanu ndi limodzi amene munajomba. Pempho limeneli sindikulivomera, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni bwino chifukwa chake kuti musaganize kuti ndikukuderani pansi. Masiku amene anadutsa si ngongole yoti muibweze. Thupi limalimba pamene likupuma pambuyo pa ntchito imene lingathe kuipirira, choncho tikaliunjikira ntchito ya masabata awiri pamwamba pa ntchito ya sabata ino, chimene tipeze ndi kutopa, kusowa tulo, mwinanso kubwerera kwa matenda amene mwangochira kumene.

Pa nkhani ya mphamvu, mtima wanu ukhale m'malo. Masabata awiri sachotsa mphamvu imene mwaimanga kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo munthu amene wakhala akunyamula zitsulo mokhazikika amataya zochepa kwambiri pa nthawi yotereyi. Mwanena kuti mukadziyang'ana pa galasi mikono ikuoneka yaphwa. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, makamaka munthu akadwala n'kumadya pang'ono, chifukwa minofu imasunga shuga wake pamodzi ndi madzi, ndipo nkhokwe imeneyi ikachepa minofu imaoneka yaing'ono ngakhale kuti mnofu weniweniwo ukadalipo. Mukayambiranso kudya mokwanira ndi kuchita masewera, maonekedwe aja amabwerera pa masiku ochepa.

Zimene zimatsika msanga ndi zina. Choyamba ndi mpweya: munthu akasiya masewera, madzi a m'magazi amachepa pa masiku owerengeka, motero mtima umagunda mofulumirirapo kuti ugwire ntchito yomweyo, ndipo n'chifukwa chake mwamva befu pokwera masitepe a ku ofesi. Chachiwiri, chimene chili chofunika kwambiri kwa ife, ndi kuzolowera kwa thupi. Pamene munkabwera katatu pa sabata, minofu yanu inali itazolowera katundu moti simunkamva kuphwanya thupi mawa lake, koma chitetezo chimenechi chimayamba kuchepa munthu akapuma, ndipo matenda amachititsanso kuti thupi lizichedwa kubwerera m'chimake. Ndikukhulupirira kuti Lolemba mukhoza kunyamula makilogalamu 80 pa sikwati, kunjuta n'kudzuka kuja chitsulo chili pamapewa, n'kumaliza maseti onse anayi. Vuto lingaoneke Lachitatu, pakuti ululu wa minofu umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, ndiye mungadzapezeke mukulephera kukhala pampando, n'kujombanso masiku ena amene simunayenera kujomba.

Tsono dongosolo lathu likhala la masabata atatu, ndipo pa sabata yachinayi ndi pamene tidzabwerere pa katundu wakale.

Sabata yoyamba mubwere kawiri kokha, Lolemba ndi Lachinayi, kuti pakati pakhale masiku awiri athunthu opuma. Katundu yense tamutsitsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa sikwati, m'malo mwa makilogalamu 80 munyamule 65, kutanthauza chitsulo chachitali chija cha makilogalamu 20 ndi makilogalamu 22.5 mbali iliyonse, ndipo muchite maseti atatu, kasanu pa seti iliyonse. Pa benchi, pokankha chitsulo mutagona chagada, m'malo mwa 60 muike 50, maseti atatu, kasanukasanu. Zimenezi muchite masiku onse awiri. Lolemba muonjezerepo kukoka chitsulo mutawerama, makilogalamu 40 m'malo mwa 50, maseti atatu, kasanu ndi katatu pa seti. Lachinayi muonjezerepo dedilifiti, kunyamula chitsulo kuchokera pansi mpaka mutaimirira, makilogalamu 80 m'malo mwa 100, maseti awiri okha, kasanukasanu, kenako kukankhira chitsulo m'mwamba mutaimirira, makilogalamu 32.5 m'malo mwa 40, maseti atatu. Pakati pa maseti muzipuma mphindi zitatu zathunthu ngakhale mutamva ngati mwapuma kale, ndipo muziyang'ana wotchi, chifukwa ndikudziwa kuti mukamamva bwino mumafulumira kubwerera ku chitsulo.

Katundu ameneyu mudzamumva kupepuka, ndipo ndi mmene ndikufunira. Muyeso wake ndi uwu: mukamaliza seti, muzimva kuti mukanatha kubwerezanso katatu kapena kanayi musanalephere. Mukaona kuti mwatsala ndi mphamvu ya kamodzi kapena kawiri kokha, ndiye kuti matenda aja anakufooketsani kuposa mmene tikuganizira, choncho muchotse makilogalamu 5 pa seti yotsatira ndipo mundiuze madzulo ake. Koma mukaona kuti mukanatha kubwereza kakhumi, musaonjezere kanthu. Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amene ndawaphunzitsa amagwera m'mbuna, chifukwa tsiku loyamba thupi lopumula limanyenga, munthu amamva ngati mphamvu zachuluka kuposa kale, ndiye amaika zitsulo zina ziwiri kuti adziyese. Ineyo ndinachitapo zimenezi ndili wamng'ono nditapuma masiku khumi okha, ndipo msana unandisunga pakhomo kwa mwezi wathunthu.

Sabata yachiwiri mubwerere ku masiku atatu, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ngati sabata yoyamba yadutsa popanda vuto. Sikwati ikwere kufika makilogalamu 72.5, benchi 55, dedilifiti 90, kukoka 45, ndipo kukankhira m'mwamba 35, maseti akhale atatu pa chilichonse kupatula dedilifiti imene ikhalebe pa maseti awiri ndiponso kamodzi kokha pa sabata, Lachitatu. Sabata yachitatu sikwati ifike 77.5, benchi 57.5, dedilifiti 95, kukoka 47.5, kukankhira m'mwamba 37.5, ndipo pamenepo tibwezeretse seti yachinayi pa sikwati ndi benchi. Sabata yachinayi mudzaima pansi pa makilogalamu 80 aja, ndipo chiyembekezo changa n'chakuti mudzawanyamula mosavuta kuposa mmene munawanyamulira tsiku lomaliza musanadwale, chifukwa ndikukumbukira kuti pa seti yachinayi mawondo anu ankalowa m'kati ndipo tinali titayamba kale kukambirana zotsitsa katundu kwa sabata imodzi.

Kutenthetsa thupi musakufupikitse. Muyambe ndi mphindi zisanu pa njinga ya mu jimu kapena kuyenda mwandawala, kenako sikwati ya chitsulo chopanda kanthu kakhumi, makilogalamu 40 kasanu, 55 katatu, ndiyeno maseti enieni. Pa benchi ndi dedilifiti muchite chimodzimodzi, kukwera pang'onopang'ono. Ndikupemphaninso kuti mugwiritse ntchito masabata opepukawa pokonza nkhani ya mawondo ija. Katundu akachepa, munthu amakhala ndi mpata woganizira mmene akutsikira, choncho muzitsika modekha, mapazi atapondetsa pansi monse, mawondo akulunjika kumene zala zakumapazi zaloza. Lolemba mujambule seti yachiwiri ya sikwati, foni muiike kutsogolo chakumbali pa msinkhu wa bondo, n'kunditumizira kuti ndione.

Kuthamanga kwa makilomita 5 kumene munkachita Loweruka kudikire kaye. Loweruka la sabata yoyamba muyende mwandawala kwa mphindi 25 basi. La sabata yachiwiri muzithamanga pang'onopang'ono mphindi ziwiri n'kuyenda mphindi imodzi, mobwerezabwereza mpaka mphindi 24 zikwane, pa liwiro loti mukhoza kulankhula ndi mnzanu osadukiza mawu. La sabata yachitatu muthamange makilomita 3 osaima, ndipo wotchi musaiyang'ane, pakuti nthawi yanu yakale ya mphindi 30 ibwerera yokha mpweya ukabwerera.

Pali zizindikiro zina zimene sindikufuna kuti muzinyalanyaze kapena kudikira kuti mundifunse kaye. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, mtima ukamagunda modumphadumpha, mukachita chizungulire, kapena mukamabanika kwambiri pa ntchito yaing'ono, musiye masewera nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa matenda ena oyambitsidwa ndi mavairasi amatha kukhudza mtima, ndipo nkhani imeneyo ndi ya dokotala, osati ya ine. Thupi likatenthanso, masewera onse aime mpaka mutachira. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera mawa lake n'kumatha pakadutsa masiku awiri kapena atatu si kodetsa nkhawa, koma ululu wobaya wa m'bondo, m'phewa kapena kumsana pamene mukunyamula ndi chizindikiro choti muike chitsulo pansi. Ngati adokotala anakupatsani malangizo ena okhudza nthawi yoyambiranso masewera, amenewo ndi amene atsogole, ndipo mundidziwitse kuti ndisinthe dongosololi.

Kunja kwa jimu ndikukupemphani zinthu zochepa. Muziyesetsa kugona maola osachepera asanu ndi awiri, muzimwa madzi okwanira, ndipo makilogalamu awiri amene mwati mwatsika pa sikelo musawatenge ngati phindu loti mulisunge podya pang'ono, chifukwa ambiri mwa iwo ndi madzi, ndipo thupi limene likuchira limafuna chakudya chokwanira. Cholinga chathu chochepetsa mafuta tidzachikambiranenso pa sabata yachinayi.

Ndasintha kale manambala onse mu pepala lathu la dongosolo, ndipo tsiku loyesa mphamvu limene tinapangana ndalisunthira kutsogolo ndi masabata atatu. Pambuyo pa tsiku lililonse la masewera muzindilembera zinthu zitatu: katundu amene mwanyamuladi, mphamvu imene munatsala nayo pa seti yomaliza, ndi mmene munagonera usiku wapitawo. Lachinayi ndidzakhala mu jimu kuyambira 6 koloko m'mawa, choncho dedilifiti tidzachitira limodzi. Chonde mundiyankhe lero lisanathe ngati Lolemba ndi Lachinayi akugwirizana ndi ntchito yanu, ndipo ngati sakugwirizana tisunthire ku Lachiwiri ndi Lachisanu.

Ndine mphunzitsi wanu.