Namawanga ndi Chisa Chake

Padangokhala kamsoti kena kakang'ono, dzina lake Namawanga. Kanali ndi nthenga zakuda zamawanga oyera, timiyendo tachikasu, ndi kalipombo kofiira kongoyamba kumera pamutu.

Namawanga anali atazolowera kugona pansi pa mapiko a amayi ake. Koma tsiku lina amayi anamuitana.

"Namawanga mwanangu, bwera udzaone. Wakula tsopano. Ichi ndi chisa chako."

Chisacho chinali pakona pa khola, pafupi ndi cha amayi. Chinali cha udzu wouma, wofewa, wonunkhira bwino. Namawanga analowamo. Anatembenukira uku, anatembenukira uko, nakhala pansi khwatha!

"Chabwino kwambiri, Amayi!"

Dzuwa linalowa. Nkhuku zonse zinalowa m'khola. Atambala anakwera pamtanda pawo. Amayi anakhala pa mazira awo. Kunja kunada bii.

Pakati pa usiku, Namawanga anadzidzimuka. Maso yuu! Anasuzumira uku, mdima. Anasuzumira uko, mdima. Anatulutsa phazi limodzi, anatulutsanso linalo, nayamba kuyenda monyang'ama. Nyang'a, nyang'a, nyang'a, mpaka pa chisa cha amayi.

"Amayi, sunthani pang'ono, ndigone nawo."

"Iii, mwanangu, muno muli mazira. Ndikuwafungatira kuti asazizidwe. Ukawaponda asweka. Bwerera m'chisa chako, ine ndili pompano."

Namawanga anabwerera, koma sanalowe m'chisa. Pansi pa chitseko cha khola panali kampata. Kamsotiko kanawerama, kanalowetsa mutu, kanalowetsa mapiko, kenako psolo! Kali panja.

Anafika kukhola la a Mbuzi.

"Odi, a Mbuzi! Ndigone nawo kuno?"

"Meee! Lowa, mwanawe."

Namawanga anakhala pambali pa a Mbuzi. Panali pofunda ndithu. Anatsinzina. Koma a Mbuzi ankabzikula, monga amachitira akagona pansi. Nyamu, nyamu, nyamu. Akasiya pang'ono, ayambanso. Nyamu, nyamu, nyamu.

"A Mbuzi, mukudya chiyani usiku uno?"

"Udzu wa masana uja, mwanawe. Ife timautafuna kawiri."

"Mumaliza liti?"

"Mwina kukamacha."

Aaa! Pamenepo ungagone iwe? Namawanga anadzuka. Nyang'a, nyang'a, nyang'a, ulendo kwa a Bakha.

"Odi, a Bakha! Ndigone nawo kuno?"

"Kwa, kwa! Lowa."

Atangoponda, phazi linalowa m'matope, thapwa! Kwa a Bakha kunali konyowa, kozizira. Namawanga anakutumula phazi, natuluka msangamsanga.

Anapita kwa agogo a Ng'ombe. Agogowo anali m'tulo tofa nato, akupuma mwamphamvu. Fuuu! Fuuu! Mpweya wawo unavundula nthenga zonse za Namawanga. Kenako mchira unagwedezeka, phwa! Kamsotiko kanagubuduka, gubudu gubudu, mpaka panja.

Tsopano Namawanga anafuna kubwerera kwawo. Koma khola la nkhuku lili kuti? Paja nkhuku siziona bwino usiku. Anapita uku, anagunda mtengo, go! Anapita uko, anakodwa m'udzu. Mame anamunyowetsa miyendo. Mphepo inawomba, ndipo anayamba kunjenjemera.

Mumtengo munamveka mawu. "Huu! Huu!" Anali kadzidzi.

Namawanga anadzipinda, nayamba kulira. "Amayi! Amayi ine!"

Posakhalitsa anamva mapazi. Tswa, tswa, tswa. Kamphuno kozizira kanamununkhiza pamsana.

"Kodi si Namawanga uyu? Ukutani panja usiku uno?"

Anali a Galu, alonda a pakhomo.

"Ndasochera, a Galu. Ndikufuna kwathu."

"Usalire. Tsatira mchira wangawu. Tiye."

A Galu patsogolo, Namawanga pambuyo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa kampata kaja. Namawanga anawerama, psolo! Kali mkati. Amayi anali maso, akumufunafuna ndi mawu apansipansi. "Ko, ko, ko, mwana wanga ali kuti?" Atamuona anamupukuta mame ndi mlomo wawo, namuperekeza ku chisa chake.

Kutacha, anzake onse anathamangira kubwalo kukapalasa. Namawanga anali ndi tulo. Anaima padzuwa n'kumangosinza. Chitete chachikulu chobiriwira chinadumpha patsogolo pake penipeni, jowi! Iye anangoyasamula. Mnzake wina anachithamangira n'kuchigwira.

"Amayi, chitete changa chapita!"

"Unali m'tulo, mwanangu. Tulo ta usiku tikugwira masana."

Madzulo atafika, amayi anabwera pa chisa cha Namawanga. Anazula kanthenga kamodzi kofewa ka pachifuwa pawo, nakaika m'chisamo.

"Aka n'kako. Ukadzuka usiku, ukakhudze. Kenako umvetsere. Undimva ndikupuma pompano. Ukatero uyimbe kanyimbo aka."

Ndipo amayi anayimba:

"Mapazi m'udzu,
mutu m'phiko,
maso tsinzinu,
gona, gona, Namawanga."

Anayimba kawiri. Kachitatu anayimba limodzi. Namawanga anagona.

Pakati pa usiku, maso yuu! Mdima uja unabweranso. Phazi limodzi linatuluka m'chisa lokha. Linafuna kuyenda!

"Iwe phazi, bwerera!" anatero Namawanga.

Phazi linabwerera m'udzu. Namawanga anafufuza ndi mlomo, napeza kanthenga ka amayi. Kanali kofewa, kofunda. Anatchera khutu. Anamva amayi akupuma pafupi. Anamva atambala akusuntha pamtanda. Kutali, anamva a Mbuzi. Nyamu, nyamu, nyamu. Namawanga anaseka chapansipansi. Sanamalizebe udzu uja!

"Huu! Huu!" Kadzidzi analira mumtengo.

Mtima wa Namawanga unagunda, thi, thi, thi.

"Amayi, mulipo?"

"Ndilipo, mwanangu."

"Kadzidzi alowa muno?"

"Ayi. Kadzidzi ali panja, ife tili mkati. A Galu akulondera."

Namawanga anapuma, fuu. Anapinda timiyendo take. Analowetsa mutu m'phiko. Anayimba motsitsa mawu:

"Mapazi m'udzu,
mutu m'phiko,
maso tsinzinu..."

Mzere womaliza sanauyimbe n'komwe. Tulo tinali titamutenga kale.

"Kokoliliko!"

Namawanga anatulutsa mutu. Kunja kwayera mbee! Anayang'ana pansi. Udzu wake, kanthenga kake, chisa chake.

"Amayi! Amayi! Ndagona m'chisa changa mpaka kucha!"

"Ndakuona, mwanangu. Wachita bwino zedi!"

Namawanga anatambasula phiko ili, anatambasula phiko ilo. Pha, pha, pha! Chitseko chitatsegulidwa, iye ndiye anali woyamba kutuluka. Anathamanga kudutsa pa khola la a Mbuzi.

"Mwadzuka bwanji, a Mbuzi?"

"Meee! Tadzuka bwino. Usiku sunabwere bwanji?"

"Ndinali m'chisa changa!"

Anadutsa pa a Galu, amene tsopano ndiwo ankasinza padzuwa. Anafika pa udzu wa mame. Pomwepo, jowi! Chitete china chachikulu chobiriwira.

Chitete jowi, Namawanga jowi. Chitete uko, Namawanga konko. Jowi, jowi, jowi, jompho!

"Ndachigwira! Amayi, taonani, ndachigwira!"