Makapishoni ndi mahashitagi a mavidiyo atatu a sabata ino

A Chisomo,

Ndaonera mavidiyo atatu amene mwajambula ndipo ali bwino kwambiri, makamaka ija ya ulusi, pamene kamera yayandikira mpaka kuonetsa mfundo zili mbuu kunsi kwa nsalu. Musanawaike, ndikupempha kuti tisinthe mawu amene timalemba pansi pake, chifukwa ndi pamene takhala tikuluza anthu.

Kumbukirani vidiyo ya mwezi watha imene tinalemba kuti "Lero ndiye zinavuta!" n'kuikapo #fyp ndi #viral. Otitsatira kale anaionera, koma mayi amene makina ake osokera akukola ulusi usiku, mawa lake akuyenera kupereka diresi la kasitomala, sangalembe "lero zinavuta" m'bokosi lofufuzira. Iye alemba vuto lake mmene likumuwawira: "makina akukola ulusi pansi". Yankho lake linali m'vidiyo yathu ija, koma sakanaipeza. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa munthu ameneyu ndi amene tinatsegulira tsambali.

Ndiye poyambira ndi mawu a munthu wovutikayo, osati mawu athu aumisiri. Ife timati "thenshoni yasokonekera", iye amati "ulusi ukulendewera". Onse awiri alowe m'kapishoni, koma ake atsogole. Kuti muwapeze, tsegulani bokosi lofufuzira pa TikTok kapena pa YouTube, lembani mawu awiri oyamba okha, musadine, muone zimene pulatifomu ikumalizitsa yokha. Zimene zikubwerazo ndi zimene anthu ena analemba kale. Pa TikTok mukhozanso kulemba Creator Search Insights m'bokosi lomwelo. Chida chimenechi anachitulutsa mu 2024 ndipo chimaonetsa mitu imene anthu akufufuza. Koma mgodi weniweni ndi makomenti athu. Dzulo ndawerenga onse a miyezi iwiri yapitayi, ndipo funso la singano yothyoka anthu alifunsa mobwerezabwereza, pafupifupi m'mawu ofanana.

Vidiyo yoyamba ilembedwe chonchi:

```
Makina osokera akukola ulusi pansi pa nsalu? Musathamangire bobini.
Yambani mwalowetsanso ulusi wapamwamba phazi lili m'mwamba.
#MakinaOsokera #Kusoka #Telala #SewingMachineRepair
```

Onani kuti vuto latchulidwa m'mawu oyambirira. Mapulatifomu amadula kapishoni pakatha mzere umodzi kapena iwiri, ndipo ambiri sadina kuti aone zotsalazo. Moni ndi nthabwala zibwere pambuyo ngati malo alipo. Chiganizo chachiwiricho n'chothandizadi: phazi likakhala pansi, timbale togwira ulusi timakhala totseka, ulusi sulowa pakati pake, ndiye umadzaunjikana kunsi kwa nsalu. Munthu akangowerenga kapishoni yokha wapindula kale, ndipo amafuna kuona mmene mukuchitira.

Mawu omwewa muwanene ndi pakamwa m'masekondi oyamba a vidiyo, muwalembenso pa sikirini. TikTok inafotokoza yokha mu 2020 kuti kapishoni, nyimbo kapena mawu amene agwiritsidwa ntchito, ndi mahashitagi zili m'gulu la zinthu zimene imayang'ana posankha woti aone vidiyo. Ndiye tisasiye mpata woti ikayikire kuti nkhani yathu ndi yotani. Mawu a pa sikirini muwalembe ndi chida cha m'pulogalamu momwemo, ndipo mawu otsatira zolankhula amene amadzilemba okha muwawerenge musanatumize, chifukwa Chichewa amachiphonya kwambiri.

Yachiwiri:

```
Singano ikuthyoka pafupipafupi posoka jinzi? Zifukwa zitatu:
saizi yaing'ono, singano yopindika, ndi kukoka nsalu ndi dzanja.
Pa jinzi gwiritsani 100/16.
#Singano #KusokaJinzi #MakinaOsokera #DenimSewing
```

Apa nambala 100/16 ndi mawu ofufuzira paokha, chifukwa munthu amene waiona pa paketi ya singano amailemba momwemo kuti adziwe ntchito yake.

Tsopano za mahashitagi. Chizindikiro cha # anachiganizira Chris Messina pa Twitter mu 2007 ngati njira yosonkhanitsira nkhani zofanana pamodzi, ndipo ntchito yake ikadali yomweyo. Chili ngati dzina lolembedwa pa kabati, louza pulatifomu kuti vidiyoyi iikidwe m'gulu liti. Sichikankha vidiyo kuti ifike kwa anthu ochuluka. Mkulu wa Instagram, Adam Mosseri, wanenapo kangapo kuti mahashitagi sawonjezera kwenikweni chiwerengero cha oonera, ndipo mu 2021 Instagram inalangiza opanga mavidiyo kuti aziika atatu mpaka asanu. Kumapeto kwa 2024 inachotsanso mwayi wotsatira hashitagi. Pa YouTube, mukapitirira 60 amangowanyalanyaza onse. Ife tiziika atatu kapena anayi: imodzi yotchula ntchito yonse, imodzi kapena awiri otchula vuto lenileni la vidiyoyo, ndi imodzi yachingerezi, popeza ambiri mwa otitsatira amafufuza m'zinenero zonse ziwiri. #fyp ndi #viral tazisiya. Sizinena chilichonse chokhudza kusoka, ndipo muli mavidiyo osawerengeka amene atikwirira pakangotha mphindi zochepa.

Pali kanthu kena kamene kamatigwira ife olemba Chichewa. Hashitagi imathera pamene pali mpata kapena chizindikiro chopumira, ndipo kankhodolero kathu ka m'mawu ngati "kung'ambika" kamaidula. Mukalemba #Kung'ambika, chimene chisanduke hashitagi ndi #Kung chokha, zotsalazo zingokhala zilembo wamba. Ndinazionera ndekha pa vidiyo ya zigamba ija: mbali yoyamba yokha ndi imene inasintha mtundu, ndipo nditaidina inandipititsa ku mavidiyo osakhudzana ndi ife n'komwe. Choncho pa hashitagi sankhani mawu opanda kankhodolero, koma m'kapishoni lembani mawuwo molondola. Liwu lililonse muziliyamba ndi chilembo chachikulu, monga #MakinaOsokera. Pulatifomu siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, koma maso amawerenga msanga, komanso mapulogalamu owerengera anthu osaona amatchula bwino.

Yachitatu ndi yosavuta:

```
Kusoka zipi yobisika pa siketi popanda kukwinyika, sitepe ndi sitepe.
#ZipiYobisika #Kusoka #Telala #InvisibleZipper
```

Pa YouTube Shorts mutu ndi umene umagwira ntchito yaikulu, ndipo malire ake ndi zilembo 100. Chiganizo choyamba cha kapishoni iliyonse muchisandutse mutu, mahashitagi apite m'malo ofotokozera. Musaunjike mawu ofufuzira ngati mndandanda wopanda tanthauzo. Munthu amene wafika pa vidiyo n'kupeza kuti siikuyankha zimene kapishoni yalonjeza amachoka nthawi yomweyo, ndipo kuchoka msangako kumaigwetsa vidiyoyo kuposa kusowa hashitagi. N'chifukwa chake pa vidiyo ya zipi sindinaikepo #SewingMachineRepair, ngakhale ndi yathu ya masiku onse. Mulibe kukonza makina mmenemo.

Mukaika, musazigwiregwire. Mavidiyo opezeka pofufuza amayenda pang'onopang'ono, ena amadzayamba kukwera patatha masabata. Pakatha masabata awiri, lowani mu YouTube Studio, pitani pa Analytics, muone kumene oonera achokera ndi mawu amene analemba kuti atipeze. Pa TikTok yang'anani gawo la oonera amene abwera kudzera pa Search. Mawu aliwonse amene sitinawayembekezere muwakopere m'kope lathu lija monga momwe alembedwera, ngakhale masipelo atalakwika, ndipo munditumizire Lachisanu kuti tisankhirepo mitu ya mavidiyo otsatira.

Zikomo kwambiri chifukwa cha ntchito yabwinoyi.

Ine wanu,
Tiyamike