Dandaulo pa kusatoledwa kwa zinyalala m'dera lathu

Nyumba nambala 27,
Msewu wa kuseri kwa msika

14 Okutobala 2024

Kwa Mkulu wa Khonsolo ya Tauni

Wokondedwa Bwana,

Ndikulemba kalatayi m'malo mwa banja langa ndi anansi anga a mumsewu wathu, chifukwa galimoto yotola zinyalala yasiya kufika kuno pa tsiku lake.

Khonsolo inatiuza kuti tizitulutsa zinyalala Lachiwiri lililonse m'mamawa, ndipo ife sitiphonya. Koma kuyambira mwezi wa Ogasiti, galimotoyo imabwera mwa apo ndi apo, ndipo mwezi uno sinaonekeko n'komwe. Tikafunsa ku ofesi, lero akuti mafuta palibe, mawa akuti galimoto ili kugalaja. Mwina n'zoona, koma palibe amene amatichenjeza, choncho matumba amangokhala pamsewu kudikira galimoto yosabwera.

Bwana, mutabwera mudzaone nokha. Ndi dzuwa la Okutobala lino zinyalala zikuola tsiku lomwelo. Usiku agalu amang'amba matumba n'kumwaza matewera a ana msewu wonse, ndipo m'mawa ana a sukulu amadutsa pomwepo, ena opanda nsapato. Ntchentche zochoka pamuluwo zikukatera pa tomato ndi usipa wa amayi ogulitsa pafupi. Anthu ena atopa, ayamba kutentha majumbo madzulo, utsi wake n'kumatsamwitsa makanda ndi agogo odwala mphumu. Ena akutaya m'ngalande kukada. Sindikuwayamikira, komanso mapoloti athu ndi aang'ono, malo okumba dzala palibe.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi mvula imene yayandikira. Ngalande zikatsekeka ndi majumbo, madzi oipa adzasefukira m'makomo ndi m'zitsime zimene timatungamo mipopi ikauma. Sitinaiwale kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Nthawi imeneyo a zaumoyo ankatiphunzitsa ukhondo khomo ndi khomo. Tinamvera, koma mulu wa pamsewu ife patokha sitingathe kuuchotsa.

Msonkho wa malo timalipira, ndipo malisiti anga ndawasunga. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapereka ntchito yotola zinyalala m'manja mwa makhonsolo, kotero zimene tikupemphazi ndi udindo wanu.

Chonde tumizani galimoto idzachotse mulu umene ulipowu mwezi uno usanathe, ngalande nazo zikonzedwe mvula isanagwe. Ngati kubwera sabata iliyonse kukukanika, tiuzeni chilungamo, mutipatse tsiku limene mungalikwanitse, kapena mutiikire chibini chachikulu pamphambano ya kumsika. Galimoto ikalephereka, uthenga uzidzera kwa akhansala kapena amfumu a m'dera kuti tisamatulutse matumba pachabe. Achinyamata a kuno avomera kudzathandiza kupakira tsiku limene mudzabwere.

Ndidikira yankho lanu lolembedwa, kuti ndikaliwerenge pamsonkhano wa m'dera wa pa 2 Novembala. Kalata ngati yomweyi ndapereka kwa akhansala athu.

Ine wanu,

Mayi Esinati Nabanda