Amalume, tigwirizane kaye ndisanayambe kulemba mbiri ija

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi onse ku Mkanda. Kuno ku Kasungu tili bwino, ana akupereka moni.

Ndalemba kalatayi kuti ndikuuzeni momwe ndamvera pempho lanu, chifukwa bukuli likhala la masamba pafupifupi 60 ndipo lindidyera tchuthi chonse. Poyamba munati ndilembe mbiri ya kwathu. Nditafunsa pafoni Lamulungu lija kuti kwathu kwake kuti, munati mukunena mbumba ya agogo aNaphiri, osati mudzi wonse. Ndiye ndagwira izi: buku la m'Chichewa, lolondola mzere wa kuchikazi kuyambira kwa amayi awo a agogo mpaka kwa zidzukulutudzi, loti liwerengedwe tsiku lomanga chiliza mu Seputembala, kenako nyumba iliyonse itenge lake.

Ngati ndi choncho, amuna obwera pa chikamwini alowamo pang'ono chabe: dzina, kwawo ndi ana amene anabereka. Agogo aamuna okha ndikufuna ndiwapatse mutu wawo, poti nkhani ya ku Theba ndi imene ana amaikonda, ndipo iwowo anabwerera kumudzi pamene boma linaletsa ulendo wa ku migodi ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974. Koma za makolo awo a Chingoni a kwa Mlonyeni sindilemba. Mukazifuna nenani tsopano, chifukwa limenelo ndi buku lina, ndipo oyenera kufunsidwa ndi anthu ena.

Pomwe mtima wanga sunakhazikike ndi pa nkhani ya dimba. Pafoni munabwereza kawiri kuti ndisaiwale malire a kudambo, kuyambira pa mtengo wa mkuyu kukafika pa chulu, ndi kuti ana adzadziwe amene anaswa mphanje pamenepo. Amalume, ndifunse mosabisa: kodi bukuli ndi la chikumbutso, kapena mukufuna kudzapita nalo kubwalo la agulupu? Ntchito ziwirizi sizilembedwa mofanana. La chikumbutso ndingathe kulemba kuti “azakhali amati zinali motere, ena amati ayi,” n'kusiya zonse ziwiri. Loti likakhale umboni limafuna mboni zotchulidwa maina, mawu a mafumu, ndi anzathu a tsidya lija kumvedwanso. Ndiponso chikhazikitsireni lamulo la malo a mafumu la 2016, kulembetsa malo kuli ndi njira yakeyake, ndipo kabuku kolemba mwana wa m'banja sikangalowe m'malo mwa njirayo. Maganizo anga ndi akuti dimbalo litchulidwe monga malo amene agogo ankalima nzimbe ndi mpiru, za malire tizisiye. Koma mwinimbumba ndinu.

Palinso za njala. Ya 1949 azakhali aakulu amaifotokoza bwino, ndipo ndikufuna ndikawajambule mawu ndisanachite china chilichonse, poti ukalamba wafika. Ya 2002 ndi yovuta. Amene anataya ana chaka chimenecho alipo, ndipo adzakhala pamphasa pomwepo buku likuwerengedwa. Ndilembe maina a anawo, kapena ndingoti tinataya ana? Sindikufuna kusankha ndekha. Chimodzimodzi za maukwati amene anatha: ndikuganiza zolemba ana onse pansi pa amayi awo, osafotokoza zifukwa.

Zithunzi zimene munanditumizira pa WhatsApp zafika zisanu ndi ziwiri. Chija agogo avala chilundu ataima pafupi ndi nkhokwe chikuoneka bwino, chikhoza kukhala pachikuto. Khadi ya ubatizo ija yadyeka ndi njenjete pomwe pali chaka, ndiye muitenge mukabwera ndidzaione ndi maso. M'mapepala akale mwalembedwa Fort Manning. Ndidzasiya choncho n'kufotokozera ana kuti ndi Mchinji yomweyi.

Za ndalama tinamvana kuti ine sindilandira kanthu, koma zosindikizira mabuku 25 ndi thiransipoti yanga yopita ku Mkanda ndi ku Kapiri zichokera m'thumba la chiliza. Chonde muwauze ena a m'banja zimenezi nokha, asadzazimvere kwa ine.

Mukaona kuti ndamva bwino, mungoyankha kuti “yamba,” n'kuwonjezera mawu anu pa zitatu zija: dimba, maina a ana a 2002, ndi mbali ya Chingoni. Pomwe ndaphonya mundikonze, ngakhale ndi mawu ojambula ngati kulemba kukuvuta maso. Yankho likafika lisanakwane Loweruka, ndidzayamba ndi ulendo wa kwa azakhali sabata yamawa, ndipo mutu woyamba mudzauona ndisanapitirire, kuti mumve ngati kalembedweko kakukukomerani.

Mupereke moni kwa azakhali ndi ana onse.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Kasungu