Zoyenera kuona kalata isanadindidwe ndi kutumizidwa

Ndondomeko iyi ndi ya alembi, asungichuma ndi aliyense wolemba m'dzina la kopaletivi yathu ya alimi a mpunga kuno ku Zomba, kuchigwa cha nyanja ya Chilwa. Ikukhudza makalata opita kwa Bwanamkubwa, kwa mafumu, kwa alangizi ndi kwa ogula mpunga, komanso mauthenga a pa WhatsApp ndi SMS opita kwa mamembala. Wolemba kalata asakhale yemweyo woivomereza. Woona wachiwiri aiwerenge asanauzidwe nkhani yake pakamwa, chifukwa woilandira nayenso sadzakhala ndi munthu pambali womufotokozera.

Tsatirani mafunsowa mmene asanjidwiramu. Monga popeta mpunga, timayamba tachotsa mankhusu, timiyala n'kutola pambuyo. Kukonza kalembedwe ka mawu m'ndime yomwe muifufute n'kutaya nthawi.

Choyamba: zonse zili m'kalatamo n'zofunikadi?

Kodi mungathe kunena m'chiganizo chimodzi chimene mukufuna kuti wolandirayo achite? Yesani mokweza: "Tikufuna matumba 40 a simenti okonzera ngalande yaikulu mvula isanayambe." Chiganizocho chikakanika kutuluka, kalata siinapse, ndipo musapitirire ku mafunso enawo.

Kodi yalunjika kwa munthu amene angachitepodi kanthu? Kuno kuli makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma. Nkhani ya minda ya ku Jali kapena ku Domasi ndi ya khonsolo ya boma, ndipo ikalowera ku khonsolo ya mzinda ikangogona pa tebulo. Ngati pempho ndi la chitukuko, fufuzani ngati ladutsa ku VDC ndi ku ADC, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, ndipo tchulani zimenezo m'kalatamo. Mukapanda kutero akubwezerani komweko.

Kodi muli nkhani imodzi? Pempho la simenti, dandaulo la mtengo wa feteleza ndi kuitanira alendo ku chionetsero ndi makalata atatu. Zikaphatikizidwa, wolandira amayankha chophweka, zovutazo n'kuzidumpha.

Tsopano tengani pensulo. Pa ndime iliyonse dzifunseni: ndikaichotsa, wowerenga alephera kupanga chiganizo? Ngati salephera, ichoke. Imene imapulumuka kawirikawiri pomwe siyenera ndi mbiri: mmene gulu lidayambira, mayina a apampando akale, mavuto onse kuyambira kuuma kwa nyanja mu 2018. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 mumutchule ngati ndiye adagumula ngalande imene mukupemphera simentiyo, ndipo chiganizo chimodzi chikwanira. Ogwira ntchito ku boma adauona okha namondweyo. Chimene sakudziwa n'chakuti ngalande yanu yagumuka mamita angati ndipo yasiya alimi angati opanda madzi.

Onaninso chimene chasowa: tsiku lomwe mukufunira yankho, nambala ya foni ya munthu woti amuimbire, ndi tsiku la kalata yawo ngati mukuyankha.

Chachiwiri: ikumveka kamodzi n'kamodzi?

Apa ndi pofunika kukhalitsa, chifukwa makalata ambiri amagwera pomwepa.

Mutu wa kalata ukunena nkhani yake? "Pempho" si mutu. "Pempho la simenti yokonzera ngalande yaikulu" ndi mutu, ndipo kalaliki adziwa fayilo yoikamo.

Pempho lenileni lili m'ndime yoyamba? Tikamacheza ndi akulu timayamba ndi malonje, ndipo n'koyenera. Pa pepala, moni wa mzere umodzi wakwana, kenako nkhani. Zifukwa zibwere pambuyo pa pempho.

Sakani mawu osagwirika awa: posachedwapa, anthu ambiri, kangapo, ndalama zochepa, malo a masiku onse, sabata yamawa. Alionse alowedwe m'malo ndi chinthu chogwirika. Taonani kusiyana kwake:

"Msonkhano uja ulipo sabata yamawa malo omwe aja, mubwere ndi zija tinakambirana."

"Msonkhano wa mamembala onse udzachitika Lachiwiri pa 14 Okotobala 2025, 9 koloko m'mawa, ku shedi ya mpunga. Aliyense abweretse chiphaso cha unzika ndi K5,000 ya umembala."

Uthenga woyambawo ukumveka kwa woulemba yekha. Komanso uthenga wa pa foni umatumizidwa kwa ena patapita masiku, ndiye "mawa" la Lolemba limasanduka tsiku lina kwa woulandira Lachitatu.

Miyezo yatchulidwa bwino? Musalembe "matumba 200" basi. Nenani ngati ndi a makilogalamu 50, ngati mpungawo ndi wopuntha kapena wosapuntha, ndiponso ngati ndi kilombero kapena faya, pakuti mitengo yake imasiyana. Musasakanize maekala ndi mahekitala m'kalata imodzi. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, choncho mukasokoneza, mbewu ndi feteleza zibwera zosakwanira kapena zopyola muyezo.

Zikudziwika kuti wochita ndani? "Ndalama zidzatoleredwa" imasiya aliyense akuyang'ana mnzake. Lembani kuti "Msungichuma adzatolera ndalama." Samalaninso ndi "iwo" ndi "awo". Mu chiganizo chakuti "Alangizi anauza apampando kuti iwo abweretse mbewu", wobweretsa mbewu sakudziwika. Bwerezani udindo wa munthuyo ngakhale zimveke zobwerezabwereza.

Werengani mokweza. Pamene mpweya wakutherani musanafike pa mpumiro, dulani chiganizocho pawiri. Kenako patsani munthu amene sadali pa msonkhano, awerenge kamodzi, atembenuze pepala, anene atatu awa: akufuna chiyani, kwa yani, pofika liti. Akaphonya chimodzi, vuto ndi la kalata, osati lake.

Uthenga wa SMS usapyole zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe, apo ayi ulipiridwa ngati mauthenga awiri.

Chachitatu: kamvekedwe kake

Wolandira watchulidwa ndi ulemu wake? Mfumu yaikulu ndi Gogo Chalo, phungu ndi khansala ndi Olemekezeka, ndipo Bwanamkubwa timamulembera pa udindo, osati pa dzina lokha, chifukwa anthu amasamutsidwa koma ofesi imatsala. Paliponse ndi "inu". "Iwe" asapezeke ngakhale polembera wachinyamata wa m'gulu.

Mwapempha kapena mwalamula? "Bwerani ku msonkhano" kwa mfumu ndi mwano. "Tikupempha kuti mudzakhale nafe" ndiye mawu ake. Koma ulemu usapyole mpaka kumeza nkhani. "Chonde" mmodzi ndi wokwanira. Kalata yodzaza ndi "pepani povutitsa" ndi "ngati n'kotheka mwina" imauza wowerenga kuti akhoza kukana popanda vuto.

Muli mawu oloza chala? Fufuzani: mwadala, monga mwa chizolowezi chanu, takuuzani kangati, akuba, achinyengo. Lembani chimene chidachitika ndi tsiku lake: "Mpunga mudatenga pa 2 Seputembala. Tidagwirizana kuti mulipira pasanathe masiku 14. Mpaka lero K1,800,000 sitinalandire." Mawu otere ndi olimba kuposa kutukwana, ndipo akhoza kuwerengedwa pa bwalo la milandu popanda kutichititsa manyazi. Kunena munthu kuti ndi wakuba pa pepala lodindidwa, popanda umboni, kukhoza kubweretsera gulu mlandu woipitsa mbiri.

Kalata yolembedwa mtima uli m'mwamba igone usiku umodzi. Palibe kuchotsera.

Nkhani ya ngongole, matenda kapena chilango cha membala isapite pa gulu la WhatsApp. Ipite kwa mwini wake yekha. Tikumbukirenso kuti mamembala athu ena ndi Akhristu, ena Asilamu. Moni ndi mawu otsekera akhale oti onse awalandire, ndipo msonkhano usaikidwe Lachisanu masana kapena Lamulungu m'mawa. Mawu a ndale ndi maina a zipani asalowemo.

Funso lomaliza pa gawoli: kalatayi itajambulidwa n'kufalikira pa mafoni kuyambira ku Songani mpaka ku Thondwe, apampando angaimirire n'kunena kuti inde, ndi yathu?

Chachinayi: zolakwika

Sindikizani pa pepala ngati n'kotheka, chifukwa diso limadumpha zambiri pa foni. Werengani maulendo awiri, ulendo woyamba manambala okha, wachiwiri mawu.

Manambala ndiwo amapweteka kwambiri. Werengetsaninso pa kakyuleta: matumba 40 pa K30,000 ndi K1,200,000, ndipo ziro mmodzi akathawa zikhala K120,000. Ndalama zikuluzikulu zilembedwe m'manambala ndi m'mawu, ziwirizo zifanane. Chiwerengero cha m'kalata chifanane ndi cha pa bajeti yomwe mwamatako. Tsiku ndi deti zionedwe pa kalendala, pakuti "Lachitatu pa 14" pomwe pa 14 ndi Lachiwiri zigawa anthu pawiri. Mwezi ulembedwe dzina lake, osati 03/04, yomwe ena awerenga Malichi, ena Epulo. Nambala ya foni ya m'manja ili ndi manambala 10, ndipo mukayamba ndi +265 ziro woyamba amachoka. Ngati ndi yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, iimbeni kaye, ndipo lembani dzina limene lidzaoneke potumiza.

Pa mawu, yambani ndi "si" ndi "sa". "Tidzagula" ndi "sitidzagula" asiyana zilembo ziwiri zokha, koma uthenga watembenuka. Onani "h": kuponya si kuphonya, kupala si phala. Onani nkhodolero mu ng'ombe, pang'ono, m'munda ndi m'mawa. Lamulo la "l" ndi "r" n'lakuti pakati pa mawu "r" amatsatira "i" kapena "e": kulira, kubwera, koma kulola, kugula. Mgwirizano wa mawu usasokonekere: kalata yathu, makalata athu, thumba limodzi, matumba awiri. Maina a anthu ndi a midzi afananitseni ndi kaundula, osalemba za m'mutu.

Foni imakonda kusintha mawu a Chichewa kukhala a Chingerezi, ndiye werenganinso mukamaliza kutaipa. Pa kompyuta, mizere yofiira ya mu Word siithandiza pa Chichewa, imangofiiritsa tsamba lonse. Ngati mwalemba pamwamba pa kalata yakale, gwiritsani ntchito Ctrl+F kusaka dzina, deti ndi ndalama zakalezo. Kalata yopita kwa wogula wina itanyamula dzina ndi mtengo wa mnzake imaulula chinsinsi cha malonda.

Potumiza

Zimene mwati mwamatako zilipodi, ndipo ndi zatsopano? Tumizani PDF, osati fayilo yoti wina angaisinthe, ndipo Track Changes ikhale itachotsedwa. Pa imelo, keyala ya wolandira ilembedwe pomalizira, kuti kalata isathawe isanathe. Onani ngati mwadina Reply kapena Reply All. Pa WhatsApp werengani dzina la gulu lili pamwambalo musanadine, chifukwa Delete for everyone sachotsa m'mitu mwa anthu zimene awerenga kale.

Kalata ya pa pepala isainidwe ndi apampando kapena alembi, idindidwe, ndipo ikhale ndi makope awiri. Wokapereka apemphe kuti kope yathu idindidwe deti lolandirira ku ofesi komweko, ibwerere m'fayilo tsiku lomwelo, ndipo alembi alembe m'buku tsiku lokafunsa yankho.