Zikomo Bambo, kalata yanu ija yagwira ntchito

Turffontein, Johannesburg
16 Juni 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Mayi ndi anyamata onse pagalajapo. Kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira koopsa. Chisanu cha ku Dedza chija n'chamasewera. Kuno m'mawa sipanala imaluma m'manja ngati yagona mufiriji.

Ndalemba kuti ndikuuzeni kuti ntchito ija ndinaipeza. Ndinayamba pa 3 mwezi uno pa kampani ya mathiraki ku City Deep, kumene amatsitsirako makontena ochokera kudoko la Durban. Ndikadatha kungoimba foni, koma inu munakhala pansi n'kundilembera kalata ya masamba awiri, ndiye ndaona kuti nanenso ndikhale pansi. Mawa ndi holide yokumbukira ana asukulu a ku Soweto a mu 1976, choncho nthawi ndili nayo.

Ndiulule chinthu chimodzi. Tsiku limene munanditumizira kalatayo pa WhatsApp, nditaiwerenga ndinakwiya nanu. Ndime yoyamba inali bwino: zaka zisanu ndi chimodzi pagalaja panu, injini za dizilo, magiyabokosi, mabuleki a mpweya. Koma nditafika pa nkhani ya lole ya simenti ija mtima unangoti phwii. Ndinati, abwanawa akundikonzera ntchito kapena akundikumbira dzenje? Munalemba zonse, kuti mu 2017 ndinaiwala kumanga manati a tayala lakumbuyo, kuti ndinakumbukira usiku ndili kale pamphasa ku Ndirande, n'kukuimbirani foni cha m'ma 10 koloko, ndipo tinaithamangira loleyo pa pikapu yanu mpaka kukaipeza pa Lunzu manati awiri atagwa kale. Ndinafuna kukupemphani kuti muchotse ndime imeneyo, koma ndinachita manyazi.

Pa intavyu tinalipo anthu asanu ndi awiri. Foromani, mzungu wachikulire wolankhula Chiafrikaans, anangoyang'ana pang'ono satifiketi yanga ya ku Soche ndi pepala la SAQA lovomereza satifiketiyo kuno, lija ndinalidikira miyezi yambiri, n'kuziika pambali. Kenaka anatenga kalata yanu, chala chili pa ndime yomwe ija. Anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinaimba foni, poti ndikadangokhala chete palibe akadadziwa kuti ndine. Ndinayankha kuti mulolemo munali dalaivala ndi mnyamata wake, ndipo msewu wa ku Zalewa usiku umakhala ndi anthu apanjinga. Sanayankhe kanthu, anangolemba. Pambuyo pake, nditayamba ntchito, anandiuza kuti makalata amene amalandira onse amanena kuti munthuyo ndi wolimbikira ndi wokhulupirika, moti anasiya kuwawerenga mpaka kumapeto. Yanu yokha ndi imene inamuuza chimene ndimachita zinthu zikalakwika.

Ndamvanso kuti anakuimbirani muli pansi pa minibasi, ndipo munatuluka n'kulankhula naye mphindi makumi awiri. Inu amene foni ya kasitomala mumaidula isanathe miniti! Zikomo kwambiri, Bambo. Pamene ndinkachoka munali ndi chifukwa chokwanira chondikanira, chifukwa ndinakusiyani nthawi imene ntchito inali yambiri ndipo anyamata awiri anali asanadziwe n'komwe kutsegula injini. Simunanditchulire zimenezo ngakhale kamodzi.

Ntchito yake ndi yomwe ija munandiphunzitsa, kungoti mathiraki akuno ambiri amayamba alumikizidwa ku kompyuta munthu asanagwire sipanala. Ndikuphunzira. Koma khutu lija munkatikakamiza kuligwiritsa ntchito likundithandiza. Sabata yatha ndinamva kaphokoso ka beringi kompyuta isananene chilichonse, anzanga a Chizulu n'kuyamba kunditcha sing'anga. Chizulu changa chikadali cha moni ndi kufunsa mtengo wa matemba kumsika wa ku Yeoville.

Ndapatsira kondakitala wa basi yonyamuka Lachitatu kakatundu kanu. Ikadutsa bwino pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, iyenera kufika ku Blantyre Lachisanu, ndipo mlamu wanga adzakubweretserani pagalaja. Muli sipanala yoyezera kulimba kwa manati, ija imalira kuti "tha" nati ikafika pamlingo wake, ndi bulangete la Mayi. Sindikulipira kalata ayi, musandikalipire. Sipanalayo muziwapatsa anyamata atsopano akamamanga matayala, ndipo nkhani ya pa Lunzu muziwauza ndithu, ngakhale kutchula dzina langa.

Mulungu akalola ndibwera pa Khirisimasi. Mundiperekere moni kwa Mayi, ndipo muwauze kuti chambo cha kuno ndi cha mufiriji, chilibe kukoma.

Ine mwana wanu,
Makaniko wa lole ya simenti