Pempho Loyendetsa Malonda a Zitenje Zanu pa Facebook

Mayi anga, zikomo pondilandira pashopu yanu ku Limbe Lachiwiri lija. Zitenje zanu n'zokongola, koma tsamba lanu lili zii.

Ndikupempha kuti ndizikuyendetserani zotsatsa pa Facebook, zolunjika kwa amayi a mu Blantyre ndi Zomba. Malipiro anga ndi K120,000 pamwezi. K150,000 yolipira Facebook ndi yapadera, ndipo malisiti ake muziwaona nokha.

Zithunzi ndizidzajambula ndekha kawiri pamwezi, m'mawa kusanadzaze anthu. Cholinga n'choti mwezi uliwonse anthu 60 akulembereni pa WhatsApp kufunsa mitengo, osati kungodina Like ayi. Lipoti muzilandira pa 5 mwezi uliwonse.

Tiyese miyezi itatu. Zikapanda kuyenda tisiyana bwinobwino, popanda chindapusa. Mukavomera, tiyamba pa 1 Juni.

Ine wanu,
Chikondi